Akazi Awiri a Mwezi

Shamimu, tabwerezanso zimene wanenazo anzakowa amve. Akuti aphunzitsi anena kuti nthano za dzuwa ndi mwezi ndi mabodza a anthu osaphunzira. Eya, aphunzitsiwo sananame. Dzuwa silinafunsirepo mbeta, mwezinso sunadyepo chophika cha munthu. Koma inu ana, bodza limenelo linatsala pang'ono kundichotsa pabanja. Ndikanachoka, theka la inu mwakhala apa mukutong'ola chimanga mwaulesi chonchi simukanabadwa n'komwe. Twaibu, manja azigwira ntchito, makutu okha ndiwo andimvere.

Ine kuno ndinabwera ndi miyendo, nthawi ya nkhondo ya kwathu ku Mozambiki. Inu mukamva Mozambiki mumaganiza za zitenje ndi njinga zamoto zimene anthu amakatenga kumeneko masiku ano. Ife tinachokako ndi mphika umodzi ndi mantha basi. Mayi anga anali atamwalira kale. Bambo anga anandiperekeza mpaka titaona madzi a nyanja patali, kenako anabwerera kuti akatenge azichimwene anga. Sindinawaonenso, iwo ngakhale azichimwenewo. Ndinafika kumunsi kwa Makanjira ndili mtsikana wotha msinkhu, wopanda malume, wopanda mudzi, wopanda wondiyankhulira pamlandu. Gwirani mawu amenewo, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo.

M'njira muja, tikubisala m'thengo masana, bambo anga ankandisimbira za kumwamba kuti ndisamalire. Kwathu ankati dzuwa ndi mwamuna, mwezi ndi mkazi wake. Anakangana pa nkhani ya moto, mkazi n'kuthawa, ndiye mpaka lero akuthamangitsana. Ine ndinafunsa kuti akuthamangitsa mnzake ndani. Bambo anati, "Usandifunse ine, yang'ana wekha." Ndiye ndinayang'ana, pakuti munthu wothawa nkhondo mwezi amausamala kuposa m'bale wake. Ukawala asilikali akuona, ukapanda kuwala ugwera m'dzenje.

Zimene ndinaona ndi izi, ndipo Shamimu ukazifananize ndi za m'buku lakolo. Onse awiri amatuluka kum'mawa n'kukalowa kumadzulo, njira imodzi. Koma mwezi ndi waulesi ngati Twaibu. Tsiku lililonse umachedwa kutuluka, pafupifupi ola lathunthu kuposa dzulo lake. Ukangoyamba kuoneka, kowonda ngati chikhadabo, umakhala kumadzulo kumbuyo kwa dzuwa: dzuwa lalowa, iwo ukulitsatira. Mawa watsalira pang'ono, mkuja watsalirabe, ndipo pamene ukutsalira m'pamene ukunenepa. Pakatha sabata uli theka, pamutu penipeni dzuwa likamalowa. Pakatha sabata ina wadzaza, ndipo ukutuluka kum'mawa nthawi yomwe dzuwa likulowa kumadzulo, kuyang'anizana ngati anthu okwiyirana amene akhala wina uku wina uko pabwalo. Ukapitirira pamenepo, kutsalira kuja kwachuluka moti tsopano wapezeka kutsogolo. Umatuluka usiku, dzuwa n'kutulukira kumbuyo kwake, tsiku ndi tsiku likuuyandikira, iwo ukuwonda. Pomaliza kachikhadabo kaja kamaoneka kum'mawa m'bandakucha, kenako zii, masiku awiri kapena atatu osaoneka. Kwathu ankati wagwidwa, walowetsedwa m'nyumba. Kuno amati wafa.

Ndiye mwaona kumene nthano zimachokera. Theka la mwezi mkazi akutsatira mwamuna, theka linalo mwamuna akuthamangitsa mkazi. Akatalikirana mkazi anenepa, akayandikana awonda mpaka kusowa. Munthu woti wakhalapo pabanja angaone zimenezo mwezi ndi mwezi osayambitsa miseche? Anthu akale sanali opusa. Anaona zoona, koma pozifotokoza anatenga mawu a m'nyumba mwawo, chifukwa ndiwo mawu amene anali nawo. Kwina amati mwamuna ndi mwezi, kwina amati ndi pachibale. Kumwambako n'kumodzi, zosiyana ndi mavuto a osimbawo.

Taimani. Hawa, thothola ndimu imodzi apo. Mwauona mwezi uwo pamwamba pa mtengo wa mango, wayera ngati phulusa m'mawa uno? Anthu amati dzuwa ndi mwezi saonana, koma si awo ali limodzi? Tambasula dzanja, ndimuyo uiike pafupi ndi mwezi, iwe uime padzuwa. Waona mbali yowala ya ndimu? Ndi yomweyo yawala pa mwezi, kukula kwakenso chimodzimodzi. Bambo anga anandionetsa ndi dzaye. Mwezi ulibe moto wakewake, ndi chibulumwa chongowalitsidwa ndi dzuwa, ndipo mimba yake yowala nthawi zonse imaloza kumene kuli dzuwa. Theka lake limakhala lowala masiku onse. Chimasintha n'chakuti iwo umazungulira dziko lathuli, ndiye ife nthawi zina timauona kumaso, nthawi zina cham'mbali. Ukakhala mbali imodzi ndi dzuwa umatipatsa msana wamdima, ndiye timati wafa. Masiku amenewo ukadutsa pamaso penipeni pa dzuwa, ndiye kadamsana wa masana uja. Ukakhala wathunthu n'kulowa mu mthunzi wa dziko, umafiira, anthu n'kuyamba kuimba zitini kuti awiriwo alekane. Sizichitika mwezi uliwonse chifukwa njira yake ndi yopendekeka pang'ono, kawirikawiri umadutsa chapamwamba kapena chapansi. Ndimuyo usataye, tidyera usipa.

Tsopano agogo anu aamuna. Che Yusufu, Mulungu awapumitse, anali munthu wabwino, koma mtima wawo unali wa nkhuku. Ankagwira ntchito ya siginala pa chilimira, khoka lalikulu la usipa, cha munthu wina kutsidya, ku Nkopola. Siginala ndi amene amakhala m'bwato laling'ono ndi nyali kuitana usipa kuti usonkhane, anzake n'kuzinga ndi khoka. Nyali zake zinali zopopa zija za parafini, zolira ngati njoka, osati timababu ta batire timene anyamata akugwiritsa ntchito lero. Galasi likasweka, munthu ankalira ngati wafedwa. Ntchito imeneyi imafuna mdima. Mwezi ukawala, nyanja yonse ndi nyali, usipa umabalalika, palibe chogwira. Ndiye mwezi ukamayandikira kudzaza Che Yusufu ankakwera boti kubwera kumudzi, ukafika theka pobwerera ankapitanso. Amuna anga ndinkabwerekana ndi mwezi.

Anandiona pamzere wolandira chakudya cha othawa nkhondo. Sanali pamzerepo iwo, ankangodutsa, koma anadutsa kanayi. Ukwati wathu unali wa changu. Shehe anafunsa kuti mwini mwanayu ndani, anthu anangoyang'anana, shehe yemweyo n'kuimira mbali yanga. Palibe amene anagwada pakhomo pa munthu kundipempha. Mukudziwa kuno mwamuna ndiye amapita kukakhala kwa mkazi. Ine kwathu kunali kuti? Ndinalowa ine pakhomo pa apongozi anga, Abiti Mdoka, ndipo ndinalowa ngati mbuzi yosokera imene mwini khola sanasankhe.

Abiti Mdoka anali mayi wamfupi, wowongoka msana, wosaphonya swala, mapemphero athu achisilamu. Sankatukwana. Akanamatukwana bwenzi zili bwino. Iwo ankasimba nthano. Ndipo anali ndi lamulo limodzi: ufa wachikasu wa othawa nkhondo usalowe pakhomo pawo. Ankati ndi chakudya cha nkhuku za azungu, ndipo banja lawo silinapemphepo. Chaka chimenecho mvula inakana, nkhokwe yawo inali kulira mphepo, koma ulemu unali wodzaza mpaka pakamwa. Ufa wophika ankandiyezera okha ndi kambale, kuti ukwane iwo, ine, ndi mwana wawo akabwera.

Nanga chakudya changa cholandira chija? Ufa, nandolo, mafuta pang'ono, mchere. Che Yusufu anandinong'oneza kuti kutsidya amavutika, mwini khoka sawapatsa chakudya chokwanira, ndiziwapatsa iwo, koma amayi asadziwe. Ndiye ndinkasungitsa kwa mnzanga wina wa kwathu, tsiku lonyamuka n'kukatenga, kumanga m'kathumba, kuphimba ndi malaya awo akuntchito. Apongozi ankaganiza kuti ndimagulitsa n'kumadya zitumbuwa kumsika ndekha. Ine ndinali ndi mayi ako Asiyatu kumsana, Shamimu, akuyamwa. Chitenje chinkandizungulira kawiri ndi theka.

Tsiku lina Che Yusufu atangofika, masaya ali phwii, apongozi anawayang'ana, n'kuyang'ana ine, n'kuyamba.

"Rozina, kwanu nthano ya mwezi mumaidziwa?"

"Timaidziwa, amayi. Ndi mkazi wa dzuwa."

"Imeneyo ndi ya kwanu. Kuno mwezi ndi mwamuna, ndipo ali ndi akazi awiri. Wina ndi nyenyezi yowala ija ya kumadzulo. Mwezi ukafika kwa iye uli kafupa, amauphikira, umanenepa tsiku ndi tsiku. Wina ndi nthanda ya kum'mawa. Ukapita kwa ameneyo uli wonenepa, amaumana, umawonda mpaka kufa." Anatafuna kaye chinangwa. "Mwana wanga amachokera kumadzulo ali chonchi. Akagona kuno kum'mawa sabata imodzi, nthiti zayamba kuwerengeka. Ndangosimba nthano, usandiyang'ane choncho."

Nthano imeneyonso ili ndi pogwira, musaiseke. Mwezi watsopano umaonekeradi pafupi ndi nyenyezi yowala ya kumadzulo, kuchokera apo n'kumakula. Mwezi wokalamba umatheradi pafupi ndi nthanda kum'mawa. Woyamba kuisimba anali ndi maso, komanso ndikukhulupirira anali ndi mitala. Koma tandiuzani, munthu angawonde sabata imodzi? Ndipo ufa wophikira mwana wawoyo ankayeza ndani? Ndinangoti, "Ndamva, amayi."

Kenako anatembenukira kwa mwana wawo. "Yusufu, amakuphikira ndani kutsidyako?"

Apa m'pamene agogo anu anapalamula. Akanati amaphika okha, funso lotsatira linali lakuti ufa amautenga kuti, mafuta amawatenga kuti. Ndiye anayang'ana pansi n'kuti, "Aliko mayi wina wachifundo."

"Wokwatiwa?"

"Ayi."

"Ali ndi abale?"

"Ali nawo, ambiri."

Anamupatsa abale ambiri, inu ana. Akanatha kumupatsa linunda kapena mwendo umodzi, koma anamupatsa abale. Apongozi nkhope inawala. Mkazi wophika bwino, wa mudzi wake, wa malume ake, wa kuno konkuno. Kuyambira tsiku limenelo mayi wa ku Nkopola analowa m'nyumba mwathu. Ndikapsereza ndiwo, wa ku Nkopola sangapsereze. Mwana akalira, wa ku Nkopola akanamutonthoza kale. Ndipo ine ndinakhulupirira kuti aliko. Zinandipweteka koopsa. Ndinkaona m'maganizo mkazi wonenepa akuphika ufa wanga, ndi mafuta anga, akuseka ndi amuna anga, ine kuno ndikukomoka pachitsime. Ndikawafunsa iwo ankangoti, "Zisiye, Rozina, nkhani imeneyi ndi yovuta." Koma kathumba ankalandirabe.

Nthawi imeneyo kunayamba kumveka kuti kwathu nkhondo yatha, ndipo anthu ayamba kubwerera, ena pamalole, ena wapansi. Apongozi anandiitana. Anayankhula mofatsa, ndipo kufatsako ndiko kunandiopsa. Anati mwana wawo sangathe kusunga akazi awiri chaka cha njala. Anati ulendo wotsatira akwera nawo boti, iwo ndi mchimwene wawo Che Bwanali amene anali nkhoswe, akaone mayi uja ndi kukamufunsira kwa abale ake. Zikatheka, ine ndinali womasuka kubwerera kwathu ndi anzanga. Womasuka. Kubwerera kwa yani? Kumudzi kumene ndinachoka kunali tchire ndi mabomba okwirira. Ndinalibe woti ndikamudandaulire, chifukwa nkhoswe yanga inali shehe, ndipo shehe anali atasamukira kwa Mponda.

Masiku amenewo tulo ndinalibe. Ndinkadzuka m'bandakucha kukatunga madzi, ndipo nthanda inali pomwepo pamwamba pa mapiri a kwathu, kuwala ngati ikundiseka. Ndinkaiyankhula. Ndinkati iwe ndi ine akutinena kuti ndife omana. Tsiku lina ndinaganiza kuti ndimuone mkazi mnzakeyo, wodziwa kuphikayo. Dzuwa litalowa ndinayang'ana kumadzulo ndili pamtondo. Panalibe. Mawa lake panalibe. Nyenyezi zina zinalipo, koma yowala kuposa zonse ija ayi. Ndinayamba kukumbukira. Pamene ndinali ndi pakati pa Asiyatu, inkawala kumadzulo madzulo aliwonse, ndipo m'bandakucha kum'mawa kunalibe nthanda. Kenako inatsikira ku dzuwa, inasowa masiku ochepa, nthanda n'kutulukira kum'mawa. Ndinafunsa nkhalamba ina yopalasa bwato ngati inazionapo zonse ziwiri nyengo imodzi. Inaganiza nthawi yaitali, n'kuti ayi, zimasinthana, iliyonse imakhala miyezi ngati ya mayi woyembekezera.

Shamimu akuti m'buku mwake analemba kuti si nyenyezi n'komwe, ndi dziko lina lozungulira dzuwa m'kati mwa njira yathu, ndiye silingapite patali ndi dzuwalo. Likakhala mbali iyi limalowa pambuyo pa dzuwa, tilione madzulo. Likadutsira mbali inayo limatuluka dzuwa lisanatuluke, tilione m'mawa. Zikomo aphunzitsi. Ine ndinalibe buku, koma ndinafika pomwepo: akazi awiri aja ndi munthu mmodzi, amangosintha khomo.

Nditaganiza zimenezo, china chinandigunda pamtima. Che Yusufu atabwera ulendo umenewo, ndinamasula katundu wawo kuti ndichape. Munali kapoto kakuda bii, kopserera pansi mpaka makoko kuuma ngati khungwa. Mwezi uliwonse ndinkakakwecha kapoto kameneka osaganiza kanthu. Tsopano ndinakayang'anitsitsa. Mkazi wanji, wa abale ambiri, angapsereze poto chonchi n'kumubwezera mwamuna wosatsuka? Ndinayang'ana zala zawo. Zipsera zamoto zokhazokha. Ndinafuna kuseka, ndinafunanso kuwaswa nako kapotoko pamutu.

"Dzina lake ndani mayi uja?" ndinawafunsa.

"Abiti Ali."

"Amayi munawauza kuti Abiti Amini."

Anandipempha, atagwira mwendo wanga, kuti ndisaulule. Anati apeza nzeru, mwina anena kuti mayiyo wamwalira. Ndinati, "Mumupha bwanji munthu wa abale ambiri? Amayi akafuna kukapepesa maliro." Masiku anatha, mwezi unayamba kuchepa, nzeru ija sinabwere. Munthu ameneyu anali wokonzeka kukwera boti ndi mayi ake mpaka ku Nkopola, akuyembekeza kuti mwina m'njira boti limira.

Tsiku lonyamuka linafika. Unali m'mawa ngati uno, dzuwa litakwera pang'ono, mwezi uli theka pamwamba. Padoko panali anthu ambiri, amalonda a nsomba ndi madengu awo, mwini boti akukangana ndi injini yake. Apongozi anavala mpango woyera wa pa Idi. M'manja ananyamula chitenje chatsopano chopindidwa bwino, mphatso ya mkazi wa ku Nkopola. Che Bwanali anavala mkanjo ndi kofia, akuyeserera pakamwa mawu okafunsira. Che Yusufu anali ngati munthu wopita kokanyongedwa. Ine ndinabwera pambuyo, mwana kumsana, kathumba kaja pamutu.

Musaganize kuti ndinali wolimba mtima. Mtengwa sayankhula ndi apongozi pagulu. Koma ndinaona kuti ndikakhala chete lero, mawa ndili palole. Ndinagwada pamchenga.

"Amayi, ndifunse nawo za nthano ija musanakwere."

"Funsa msanga."

"Lero podzukira swala ya subuhi, ya m'bandakucha ija, nthanda munaiona?"

"Ndimaiona tsiku lililonse. Mnzako uja."

"Nanga tsiku lija tinkafuna mwezi womasulira Ramazani, tonse titayang'ana kumadzulo, mkazi wophika bwino uja analipo pambali pake?"

Abiti Mdoka ankanyoza, koma sankanama. "Panalibe," anatero.

"Koma mwezi unanenepa?"

"Unanenepa."

"Unadya kwa yani?"

Che Bwanali anatsokomola. Amalonda aja anasiya kukangana za malo, makutu onse kuno. Apongozi anati, "Mwina anapita kwawo kukaona abale."

"Amayi, inu mwaona zaka zambiri kuposa ine. Munazionapo ziwirizo nyengo imodzi, ina madzulo ina m'mawa? Ya kumadzulo ikasowa m'pamene ya kum'mawa imabwera. Ndi mkazi mmodzi. Akakhala uko mumamutamanda, akabwera kuno mumamunena. Ndipo mwezi sudyetsedwa ndi iye. Tauonani uwo, mimba yake yaloza kuti? Umadya kwa dzuwa."

"Ndiye ukufuna kunena chiyani, mwana iwe? Boti likupita."

Ndinatsitsa kathumba, ndinachotsa malaya akuntchito aja pamwamba, n'kumasula. Ufa wachikasu uli mbuu padzuwa, nandolo m'kapepala, kabotolo ka mafuta, ndi kapoto kaja pambali.

"Mkazi wa ku Nkopola ndi ameneyu. Musavutike ndi boti."

Mayi wina wamalonda anaphulika kuseka, anzake n'kumutsina. Apongozi sanayang'ane ufawo nthawi yaitali. Anayang'ana mwana wawo.

"Yusufu, amakuphikira ndani?"

"Ndimaphika ndekha, amayi."

"Ufa uwu?"

"Eya, amayi."

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira titakwatirana."

Ndinkayembekeza kuti ukali wonse ugwera ine, chifukwa ndawachititsa manyazi pamaso pa anthu, ndadyetsanso mwana wawo chakudya cha nkhuku. Ndinali nditaweramitsa kale mutu. Ndinangomva dzanja lawo lagwira mkono wanga. Anauzunguliza ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala, zala n'kukumana, malo n'kutsalabe. Anaugwira choncho osausiya.

"Nanga iwe umadya chiyani?"

Funso limenelo palibe anali atandifunsapo chichokereni kwathu. Ndinalira ngati mwana, pamaso pa amalonda onse aja, Asiyatu naye n'kuyamba kulira kumsana.

Mwini boti anafunsa ngati akukwera kapena ayi. Apongozi anati, "Pitani, ife tafika kale." Che Bwanali anapuma mwamphamvu, n'kuvula kofia, kuti ntchito yatha, abwerere akamwe tiyi. Apongozi anati, "Achimwene, valani kofiayo. Munadzuka m'mawa kuti mukafunsire mkazi amene amadyetsa mwana wanga. Mufunsireni."

"Kwa yani, chemwali? Mwanayu alibe abale."

Abiti Mdoka anafunyulula chitenje chatsopano chija, anachiyala pamchenga, anandikhazika pamenepo. Kenako anazungulira, anachoka kumbali ya mwana wawo, n'kudzakhala pansi pambali panga, miyendo atatambasula ngati mwini mudzi.

"Kwa ine. Yambani, ndikumva."

Ndiye Che Bwanali, munthu wamkulu wa imvi, ananjuta pamchenga pamaso pa mlongo wake yemwe, nayamba mawu aja anakonzera anthu a ku Nkopola. Anati abwera ndi mnyamata wawo, waona maluwa pakhomo pano. Anati mnyamatayo ndi wolimbikira ntchito, wopemphera, waulemu. Apongozi ankamvetsera nkhope ili gwa, ngati sanamuonepo mnyamatayo. Atatha, anafunsa kuti amagwira ntchito yanji. Anafunsa ngati ali ndi nyumba yakeyake kapena amakhalira mayi ake. Anafunsa ngati mayi akewo ndi munthu wosavuta kukhala naye. Che Bwanali anayang'ana kumwamba, anayang'ana kunyanja, n'kuti, "Ali ndi masiku ake." Amalonda aja ena anagwa pansi ndi phwete, boti linawasiya awiri.

Pomaliza apongozi anati, "Tamva. Koma mnyamata wanuyo mbiri yake yatifika kuti ndi wabodza, ndiponso amadya za mwana wathu. Sitingayankhe lero. Apite kuntchito ndi poto wake, ufa utsale kuno. Mubwerenso mwezi ukaoneka, tikhale titaganiza."

Agogo anu anapita ku Nkopola tsiku lotsatira ndi kapoto kopanda kanthu. Anabwerako atawonda zenizeni ulendo umenewo, ndipo anagwada pakhomo pa mayi awo omwe kudikira yankho, dzuwa likuwawotcha, ife awiri tili m'nyumba tikumwa phala osafulumira. Malole anapita, anzanga anapita, ine ndinatsala. Abiti Mdoka sanasiye kundinena mpaka tsiku limene ndinawatseka maso, koma kuyambira pamenepo ndikakangana ndi agogo anu iwo ankati, "Yusufu, mwana wangayu ukamuzunza ndikulanda."

Twaibu, chimanga chija chathera pansi, nkhuku zikudya iwe uli kukamwa yasa. Tola.